Momwe mungasandutsire mameseji a zopereka pa WhatsApp kukhala mndandanda wa olipira

Ndine msungichuma wa gulu la amayi pa mpingo wathu ku Chawama. Tilipo 38 ndipo aliyense amasonkha K50 pamwezi, ndiye mwezi ukayenda bwino pamayenera kulowa K1,900. Anthu amatumiza pa Airtel Money kapena pa MoMo, kenako amaponya sikirinishoti pa gulu la WhatsApp, pakati pa mavesi a m'mawa, mauthenga a maliro ndi ma "Amen" osawerengeka. Umu ndi momwe ndimazitolera.

Choyamba, musayambire pa WhatsApp. Yambirani pa mameseji amene amabwera pa foni yolandirira ndalama, chifukwa ndalama imene yalowadi imaoneka kumeneko. Ngati n'kotheka gulu likhale ndi simu yakeyake, ndalama za mpingo zisasakanikirane ndi zanu za ndiwo. Simuyo kalembetseni nokha ndi chitupa. Musagule kwa anyamata a m'tauni amene amati ndi yolembetsa kale, chifukwa ikadzatayika mudzapeza kuti ili m'dzina la munthu amene simukumudziwa.

Tsegulani Google Sheets pa foni pomwepo, sizidya bandulo yambiri. Pamzere wapamwamba lembani mitu isanu: tsiku mu A, dzina la membala mu B, mwezi umene akulipirira mu C, ndalama mu D, nambala ya malipiro mu E. Tsiku ndi mwezi si chinthu chimodzi. Wina amatumiza pa 3 Epulo koma akulipirira Malichi, ndipo wina akatumiza K100 ya miyezi iwiri mumupatse mizere iwiri ya K50, nambala yake muionjezere a ndi b kumapeto.

Tsopano WhatsApp ikuthandizeni kudziwa mwini ndalama. Dzina lobwera pa meseji nthawi zambiri ndi la amuna awo, la mwana, kapena la mtsikana wa pa buthu pamene anakatumizira. Muyang'ane nambala ya malipiro imene ili pa sikirinishoti, muipeze pa meseji ya foni yanu, zikagwirizana mulembe dzina la membala weniweni.

Gawo la E limeneli ine poyamba ndinalibe, ndipo ndi pamene ndinapsa. Mwezi wina mndandanda wanga unaonetsa kuti onse 38 alipira, koma pa foni panali K1,850. Ndinawerenga katatu, ndinafunsa ana ngati anagula tokitaimu, ndinafika poganiza zoikapo K50 yanga kuti pa msonkhano wa Lachinayi pasakhale zokamba. Usiku wachitatu ndinayamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi n'kuzikulitsa ndi zala. Mpamene ndinaona kuti chithunzi cha amayi ena achikulire chinali ndi tsiku la mwezi wapitawo, nambala yakenso inali yomweyo. Nditawaimbira anati, "Mwanawanga, ine foni sindiidziwa, ndinauza mdzukulu kuti atumize." Mdzukuluyo anangotenga chithunzi chakale mu foni n'kuponya pa gulu, ndalama ili kumpango kwa agogo ake. Sanabe ayi, koma ine ndinakhulupirira chithunzi osayang'ana meseji, ndipo ndinatsala pang'ono kukayikira ana anga.

Kuchokera pamenepo mu F2 ndimalemba ichi, n'kuchikokera mpaka pansi:

```
=COUNTIF(E:E,E2)
```

Chikaonetsa 1, nambala imeneyo yalowa kamodzi. Chikaonetsa 2, malipiro amodzi mwawalemba kawiri, bwererani ku meseji. Nambalayi muilembe yonse, osati manambala anayi omaliza okha, chifukwa amenewo amatha kufanana. Ndipo sikirinishoti imene ilibe meseji yake pa foni yanu musailembe, ngakhale aitumize ndi amayi abusa. Auzeni mwaulemu kumbali kuti sinafike, mwina anaphonya nambala potumiza.

Kuti mudziwe ndalama zonse zolipirira mwezi umodzi:

```
=SUMIF(C:C,"Malichi",D:D)
```

Dzina la mwezi muzililemba mofanana nthawi zonse. Mukalemba Malichi apa, Marichi apo, mizere ina idumphidwa. Zimene zatulukazo muziyerekeze ndi ndalama zolipirira mwezi umenewo zimene zalowa pa foni musanatape, chifukwa potapa amadula yawo ndipo masamu sadzagwirizananso. Yodulidwayo muilembe payokha.

Olipira pamanja kutchalitchi alembereni lisiti, nambala ya lisiti ilowe mu E, ndipo poyerekeza ndi za pa foni muzichotsapo ndalama zawo. Mwezi ukatha, tsegulani gulu, dinani timadontho titatu, More, Export chat, Without media, musunge kafailoko. Pa gulu ponyani maina a amene alipira okha, otsalawo muwaimbire.