Otsogolera masewero, lembani bwino za mbali musanaitane anthu

Kwa anzanga okonza madrama kuno ku Kasungu, chaka chatha ndinangolemba pa gulupu kuti "tikufuna mayi wachikulire" basi. Kunabwera azimayi ambirimbiri, ena kuchokera ku Nkhamenya, thiransipoti yawo yomwe, koma mbaliyo imafuna munthu woti alire maliro mokweza komanso ayankhuleko Chitumbuka, ambiri anabwerera osayesedwa n'komwe, manyazi anandigwira.

Pano mbali iliyonse ndimailembera kandime kakekake. Mwachitsanzo: Nachisale, wooneka wa zaka 45 mpaka 55, mlimi wa fodya, mwamuna wake wangomwalira ndipo achibale akufuna kumulanda munda. Amayankhula motsitsa koma sagonja. Ali m'masini 6, ina akulira, ina akuimba yekha popanda kwaya.

Pa zakapo lembani zimene munthu akuoneka, chifukwa wa zaka 35 akamanga duku nkusintha kayendedwe amakwana bwinobwino. Ndipo musamangoti "wankhanza" kapena "wabwino", nenani chimene munthuyo akufuna m'nkhaniyo, apo ayi aliyense amabwera akungokalipa, inu osaona kusiyana.

Zovutazo zineneni poyera, ngati pali kumenyedwa mbama, kukumbatirana kapena kumeta mpala, ena azibambo awo kunyumba salola ndiye bola akaniretu kusiyana nkuthawa mutayamba kale kujambula. Onjezani masiku a mapulakatisi, malo, ndiponso ngati pali kangachepe kapena ndi nsima yokha. Kenako atumizireni mizere isanu ya mbaliyo pa WhatsApp kudakali masiku atatu abwere ataloweza.