Mayeso a Kuthamanga Mamita 20 ndi a Kutambasula Thupi: Kayesedwe Kake ndi Momwe Mungakambirane Zotsatira ndi Ophunzira

Mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi amene ali ndi tepi yoyezera, choko, bokosi ndi rula akhoza kuyesa zinthu ziwiri pa ophunzira ake: kutalika kwa nthawi imene mtima ndi mapapo zimapirira pothamanga, ndiponso kufewa kwa minofu yakumbuyo kwa ntchafu. Kuyesako sikuvuta. Chimene chimavuta ndi nambala imene imatuluka, chifukwa payokha sinena zambiri, ndipo imayamba kukhala ndi tanthauzo ikayerekezedwa ndi nambala ina ya wophunzira yemweyo, yopezeka mwa njira yofanana pa nthawi ina.

Mayeso othamanga mopita ndi kubwerera pa mtunda wa mamita 20 anakonzedwa ndi Luc Léger wa ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo anayamba kufalitsidwa mu 1982. Mumajambula mizere iwiri yotalikirana mamita 20 pamalo osalala ndi osaterera, ndipo ophunzira amathamanga kuchoka pamzere wina kukafika pa winawo motsatira kulira kwa belu lojambulidwa kale, limene mumaliseweretsa pa sipika yomveka bwino. Mu mtundu umene Léger anaufalitsa mu 1988, liwiro limayambira pa makilomita 8.5 pa ola, kutanthauza kuti ulendo umodzi umapatsidwa masekondi pafupifupi asanu ndi atatu ndi theka, ndipo pakatha pafupifupi mphindi imodzi liwirolo limakwera ndi theka la kilomita pa ola. Mphindi iliyonse yotereyi ndi gawo limodzi. Wophunzira ayenera kuponda mzere ndi phazi limodzi belu lisanalire, ndipo akafika msanga adikire, asanyamuke belu lisanamveke. Akalephera kufika kamodzi mumamuchenjeza, koma akalephera kawiri motsatizana mayeso ake athera pomwepo, ndipo mumalemba ulendo womaliza umene anaukwanitsa.

Pali mayeso ena ofananako, othamanga mamita 10 kanayi mwaliwiro lonse, koma amenewo amayesa changu ndi kutembenuka msanga, kotero zotsatira zake musaziike m'kaundula mmodzi ndi za mamita 20.

Cholakwika chachikulu pa mayeso awa chimachitika ophunzira asanayambe n'komwe kuthamanga, ndicho kuyeza mtunda ndi mapazi m'malo mwa tepi. Tiyerekeze kuti mizere yatalikirana mamita 19. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ndi magawo 5 pa 100 a mtunda wonse, ndiye kuti wophunzira amene ali pa gawo 7, pomwe liwiro liyenera kukhala makilomita 11.5 pa ola, akuthamanga kwenikweni makilomita 10.9 pa ola, limene ndi liwiro lochepera pang'ono pa la gawo 6. Mita imodzi yokha yampatsa gawo lathunthu lomwe sanaligwirire ntchito, ndipo tsiku limene mudzayeze mtunda molondola adzaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. Chimodzimodzinso mawu a belu: alipo mitundu ingapo, ina imayambira pa makilomita 8 pa ola, ina imasiyana pa chiwerengero cha maulendo m'gawo. Sankhani mtundu umodzi, muusunge, ndipo muugwiritse ntchito chaka chonse.

Thanzi la ophunzira lifunsidwe tsiku la mayeso lisanafike, popeza mayeso awa amafuna kuti munthu athamange mpaka mphamvu zithe. Amene akudwala, amene wangochira kumene, ndiponso amene ali ndi vuto la mtima asathamange popanda chilolezo cha achipatala, ndipo wa mphumu akhale ndi mankhwala ake pafupi. Pewani nthawi imene dzuwa laswa mtengo, konzani madzi akumwa, ndipo aliyense womva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire asiye nthawi yomweyo. Omaliza ayende pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo m'malo mogona pansi.

Kalembedwe ka zotsatira kamasokoneza aphunzitsi ambiri. Mukalemba kuti wophunzira wapeza 5.4, nambalayo ikutanthauza gawo 5, ulendo wachinayi, ndipo siyenera kuphatikizidwa kapena kugawidwa ngati nambala wamba ya masamu. Njira yabwino ndi kuwerenga maulendo onse pamodzi. M'matebulo ofala, gawo loyamba lili ndi maulendo 7, lachiwiri ndi lachitatu 8 lililonse, lachinayi ndi lachisanu 9 lililonse, kotero womaliza gawo 4 wathamanga maulendo 32, ndipo womaliza gawo 5 wathamanga 41. Wa 5.4 uja ndiye kuti ali ndi maulendo 36, omwe ndi mamita 720. Ndimalangiza kuti wophunzira aziuzidwa nambala ya maulendo kapena ya mamita, chifukwa ndiyo imene angathe kuiona m'maganizo mwake. Ophunzira akhale awiriawiri, wina akuthamanga mnzake akudula kamzere papepala pa ulendo uliwonse, pakuti mphunzitsi mmodzi sangawerengere anthu khumi ndi asanu nthawi imodzi.

Mayeso achiwiri, okhala pansi n'kutambasula manja kutsogolo, anafotokozedwa ndi Wells ndi Dillon mu 1952. Wophunzira amavula nsapato, amakhala pansi atawongola miyendo, ndipo mapazi amagunda mbali ya bokosi lotalika pafupifupi masentimita 30, lomwe pamwamba pake mwamatapo rula yotulukira kumbali ya wophunzirayo. Amasanjika dzanja lina pamwamba pa linzake kuti nsonga za zala zifanane, kenako amawerama pang'onopang'ono akutulutsa mpweya, n'kuima pamene wafikapo kwa masekondi awiri. Kudzigwedeza kuti afike patali sikuloledwa, ndipo mawondo akapindika kuyesako sikuwerengedwa. Mnzake akhoza kuika dzanja mopepuka pamawondo kuti amve ngati akukwera, koma asawakanikize, ndipo asamukankhe pamsana. Muyeseni katatu n'kulemba nambala yaikulu. Minofu yotenthedwa imatambasuka kwambiri kuposa yozizira, choncho ngati pa tsiku loyamba la mayeso munayamba ndi mphindi zisanu zothamanga pang'onopang'ono, muchitenso chimodzimodzi pa tsiku la mayeso otsatira.

Apa napo pali msampha wa kayezedwe. Mabungwe osiyanasiyana amaika nambala yosiyana pamalo pamene mapazi agunda bokosi: ena amaikapo masentimita 15, ena 23, ena 26. Wophunzira amene wangokhudza zala zakumapazi akhoza kulembedwa 15 pa bokosi lina ndi 26 pa lina, thupi lake lili lomwelo. Musanayerekeze zotsatira zanu ndi tebulo lililonse, fufuzani nambala imene tebulolo linaika pamapazi, ndipo yanu muilembe pamwamba pa kaundula kuti mphunzitsi wodzabwera pambuyo panu asadzasokonezeke.

Tiyeni tsopano titenge chitsanzo cha mnyamata wa zaka 13 amene wayesedwa kumayambiriro kwa chaka ndiponso patapita miyezi isanu ndi umodzi, pa bokosi limene mapazi ali pa 23. Pothamanga wachoka pa maulendo 36 kufika pa 44, ndiye kuti kuchoka pa 5.4 kufika pa 6.3. Potambasula watsika kuchoka pa masentimita 24 kufika pa 21. Msinkhu wake wakwera ndi masentimita 4. Kuwerenga kwachangu kunganene kuti mtima walimba koma thupi lauma chifukwa cha ulesi, ndipo mbali zonse ziwiri za chiganizochi zikufunika kuziunikanso.

Maulendo asanu ndi atatu owonjezera ndi pafupifupi gawo lathunthu, ndipo ndi kusintha koyenera kukuyamikira, koma funsani kaye ngati mayeso oyamba aja anali oyambadi m'moyo wake. Wophunzira amene sanayesedwepo amathamanga mofulumira kwambiri pachiyambi, amazungulira potembenuka m'malo moponda mzere n'kubwerera, ndipo amasiya msanga atangomva kupuma kukuvuta. Akayesedwa kachiwiri amachita bwino chifukwa chodziwa mayesowo, ngakhale mapapo ake asanasinthe. N'chifukwa chake ndi bwino kuchititsa mayeso ozolowetsa, osalembedwa, sabata imodzi mayeso enieni asanachitike. Dziwaninso kuti anyamata a msinkhu umenewu amawonjezera maulendo chifukwa cha kukula kokha, pomwe atsikana ambiri akatha msinkhu nambala yawo imaima kapena kukwera pang'ono chabe ngakhale akulimbikira. Kusiyana kwa ulendo umodzi kapena iwiri kokha musakutenge ngati kusintha, popeza tulo, chakudya, mphepo ndi chidwi cha tsikulo zimatha kubweretsa kusiyana kotereku.

Kutsika kwa masentimita atatu kuli ndi chifukwa chooneka pa muyeso wa msinkhu. Mwana akamakula mofulumira, miyendo ndiyo imayamba kutalika thunthu lisanatsatire, kotero bokosi limakhala litasunthira kutali ndi manja ake. Mayeso awa amakomera wa manja aatali ndi miyendo yaifupi, ndipo amapondereza wa miyendo yaitali. Njira yochepetsera vutoli ndi kumukhazika wophunzira atatsamiza msana ndi mutu kukhoma, atambasule manja osawerama, ndipo pamene zala zafika pakhale poyambira kuwerenga. Zikatero mukuyeza mtunda umene iye wawerama, osati kutalika kwa mafupa ake. Kumbukiraninso kuti mayesowa amanena za minofu yakumbuyo kwa ntchafu makamaka, amanena zochepa za msana, ndipo sanena kanthu za mapewa kapena akakolo. Kuuza mwana kuti thupi lake lonse ndi louma chifukwa cha nambala imodzi ya pabokosi ndi kumunamiza.

Pokambirana naye, khalani pambali pomwe anzake sakumva, ndipo muyambe ndi kumufunsa chimene chinamuimitsa pothamanga: kodi unali mpweya, miyendo, kupweteka kwa m'nthiti, kapena anangoona kuti anzake asiya? Yankho lake ndilo limakuuzani chochita. Wosiya chifukwa cha mpweya akufunika kuthamanga kapena kusewera masewero othamangitsana kangapo pa sabata, pomwe wosiya chifukwa chotsala yekha akufunika kuikidwa m'gulu la ofanana naye mphamvu. Kwa mnyamata wathuyu mukhoza kunena kuti: "Wawonjezera mamita 160 pa zimene unachita poyamba. Pabokosi watsika, koma taona momwe watalikira. Tiyeni tigwirizane kuti uzitambasula minofu yakumbuyo kwa ntchafu katatu pa sabata ukatha kusewera, masekondi 30 mwendo uliwonse, ndipo tidzayesanso pakatha masabata asanu ndi atatu." Cholinga chimene mwagwirizana achilembe yekha pakhadi lake pamodzi ndi tsiku, msinkhu ndi nambala zonse ziwiri.

Sindigwirizana ndi mchitidwe wopachika zotsatira pakhoma kuyambira woyamba mpaka womaliza, kapena wosandutsa maulendo kukhala malikisi a mayeso a kalasi. Gawo lalikulu la kusiyana kwa ana pa mayeso awa limachokera ku chibadwa, kulemera kwa thupi ndi nthawi imene aliyense wayamba kutha msinkhu, zinthu zimene mwana sangazisinthe ndi khama la teremu imodzi. Komanso mayeso othamangawa ali kale ndi mbali yochititsa manyazi, popeza wofooka ndiye amayamba kutuluka anzake onse akuona. Mungachepetse zimenezi poyesa magulu ang'onoang'ono, ndiponso popatsa aliyense womaliza ntchito yoyenda mozungulira bwalo, pomwe ophunzira osathamanga ali otanganidwa ndi kuwerengera anzawo. Ngati makolo kapena akuluakulu a sukulu afuna lipoti la kalasi yonse, apatseni chiwerengero cha ophunzira amene awonjezera maulendo ndi amene atsika, popanda mayina, ndipo wophunzira amene watsika ndi gawo lathunthu kapena kupitirira popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati akutopa msanga ngakhale pa masewero wamba, mudziwitse makolo ake kuti akapimidwe kuchipatala.