Adaputala yokha inandikwanira pa ulendo wa ku America

Ndisananyamuke kuno ku Mangochi kupita ku America, ndinkaganiza kuti ndiyenera kugula chosinthira mphamvu ya magetsi, pakuti kwathu kuno magetsi ndi a mavoti 230 pomwe kumeneko ndi 120. Nditachiona pa sitolo ina, kulemera kwake ndi mtengo wake zinandibweza.

Nditafika kunyumba ndinatembenuza tchaja ya foni, ndipo pa timalemba tating'ono ta kunsi kwake, timene ndinachita kuunikira ndi tochi, panalembedwa `INPUT 100-240V 50/60Hz`. Ya laputopu inalinso chimodzimodzi. Mawu amenewa akutanthauza kuti tchajayo imalandira yokha mphamvu iliyonse yoyambira pa 100 mpaka 240, choncho vuto langa silinali mphamvu koma mano a pulagi. Athu ndi atatu amakona anayi, ofanana ndi a ku Britain, ndipo salowa m'masoketi a ku America. Ndinagula adaputala imodzi yokhala ndi dzino lachitatu, popeza tchaja ya laputopu yanga imalifuna, kenako ndinalumikizako ekisitenshoni yakwathu kuti zonse zizilowa pamenepo.

Adaputala imangosintha maonekedwe a mano, sikweza kapena kutsitsa mphamvu. Makina anga ometera, olembedwa `220-240V` basi, ndinawasiya, chifukwa kumeneko akanangolira mofooka osameta. Pobwera nazo zinthu kuno ndi pamene pali ngozi yeniyeni, pakuti chipangizo cholembedwa `120V` chokha chikalowetsedwa m'soketi yathu kudzera pa adaputala chimapsa, ndipo chimenecho ndicho chimafunadi chosinthira mphamvu chokhala ndi mawati oposa amene chipangizocho chimadya.