Momwe mungawerengere mabanja mu Excel osawerenga banja limodzi kawiri

Kuno ku Chigwa cha Shire kaundula wa anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira si chinthu chachilendo. Aliyense amene anagwirapo ntchito yolemba maina ku Nsanje kapena ku Chikwawa namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 akulidziwa funso limene limabwera kuchokera kwa akuluakulu: ndi mabanja angati amene nyumba yawo inagwa kapena munda wawo unakokoloka? Liwu lakuti "kapena" ndi limene limasokoneza masamu.

Tiyerekeze kuti muli ndi mabanja 200, kuyambira mzere 2 mpaka 201. Kolamu A muli maina, B mukulemba Inde kapena Ayi ngati nyumba inagwa, C chimodzimodzi za munda. Ambirife timayamba motere:

```
=COUNTIF(B2:B201,"Inde")+COUNTIF(C2:C201,"Inde")
```

Nyumba zakugwa zapezeka 120, minda yokokoloka 95, zonse pamodzi 215. Mudzi wa mabanja 200 watulutsa bwanji 215? Chachitika n'chakuti banja limene linataya nyumba ndi munda womwe lawerengedwa ku B, kenako lawerengedwanso ku C. Apa mwachita mwayi chifukwa nambala yadutsa 200, ndiye cholakwika chikuonekera poyera. Zikanakhala 80 ndi 70, mukanalemba 150 mu lipoti popanda wokufunsani, mpaka tsiku logawa chimanga pamene matumba ndi anthu sakugwirizana.

Choyamba, pezani mabanja amene ali mbali zonse ziwiri. Ntchito imeneyi ndi ya COUNTIFS, ija yokhala ndi S kumapeto, imene imawerenga mzere pokhapokha zonse zimene mwaifunsa zitakwanira.

```
=COUNTIFS(B2:B201,"Inde",C2:C201,"Inde")
```

Tinene kuti yatipatsa 60. Mabanja 60 amenewa alowa kawiri mu 215 ija, choncho achotseni kamodzi, mutsala ndi 155. Mukafuna zonse m'bokosi limodzi, lembani fomula yoyamba ija, ikani chizindikiro chochotsera, n'kulumikiza ya COUNTIFS.

Njirayi ndi yabwino pa zinthu ziwiri. Koma mawa akakuuzani kuti muwonjezerepo amene ziweto zawo zinapita ndi madzi, kuchotsera kumachuluka ndipo mutu umazungulira. Ine ndimakonda iyi:

```
=SUMPRODUCT(--(((B2:B201="Inde")+(C2:C201="Inde"))>0))
```

Imaoneka yoopsa koma nzeru yake ndi yapafupi. Pa mzere uliwonse, Inde amasanduka 1 ndipo china chilichonse 0. Banja lotaya nyumba yokha lipeza 1, lotaya zonse lipeza 2, losakhudzidwa 0. Kenako `>0` imangofunsa ngati pali kanthu, osasamala kuti ndi 1 kapena 2, ndipo timizere tiwiri `--` timasandutsa yankholo kukhala 1 kapena 0 kuti liphatikizidwe. Mukaiwala `>0`, 215 ija ibweranso. Chachitatu chikabwera, mumangowonjezera `+(D2:D201="Inde")` mkati mwa mabulaketi omwewo. Musayese kuika OR mkati mwa SUMPRODUCT poganiza kuti ndi yachidule. OR imaphatikiza mizere yonse n'kupereka yankho limodzi, ndiye mupeza 1 m'malo mwa 155.

Ngati fayiloyo idzatsegulidwe ndi anzanu a mu komiti amene mafomula ataliatali amawaopa, tsegulani kolamu ina, mu E2 mulembe izi, n'kukokera pansi mpaka 201, kenako muphatikize ndi SUM:

```
=IF(OR(B2="Inde",C2="Inde"),1,0)
```

Apa OR ikugwira bwino chifukwa ikuona mzere umodziumodzi. Ubwino winanso, amfumu akafunsa kuti banja lakutilakuti lawerengedwa kapena ayi, mumaloza ndi chala.

Musatumize lipoti musanayese yankho. Werengani amene sanakhudzidwe konse ndi `=COUNTIFS(B2:B201,"Ayi",C2:C201,"Ayi")`. Akuyenera kukhala 45, chifukwa 155 ndi 45 ndi 200. Zikapanda kukwana, vuto nthawi zambiri si fomula koma kalembedwe. Wina analemba Eya, wina anasiya bokosi lopanda kanthu, wina anagunda batani la mpata atalemba Inde. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono Excel sazisiyanitsa pano, koma kampata kosaoneka kaja kamachititsa kuti banjalo lidumphidwe. Yatsani Filter pa B ndi C, muone mawu onse amene alimo, mukonze. Ndipo Excel ikakana fomula yonse, yesani `;` m'malo mwa `,` poti makompyuta ena anatcheredwa choncho.

Kuchotsera konseku kumafunika pamene mafunso awiri ali m'makolamu osiyana. Mukamawerenga ochokera ku Bangula kapena ku Makhanga m'kolamu imodzi ya dera, bokosi limodzi silingakhale ndi maina onse awiri, choncho kuphatikiza ma COUNTIF awiri n'kokwanira. Koma ngati mayi mmodzi analembedwa kumsasa n'kulembedwanso kumudzi, imeneyo ndi mizere iwiri, ndipo mafomula onsewa adzamuwerenga kawiri mpaka mutafufuta mzere umodzi.