Kukonza ndime ya zofooka za kafukufuku mu disateshoni

Ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia ndi makoleji ena muno mu Lusaka, ndime imene ambiri mumailemba usiku womaliza ndi ya zofooka za kafukufuku. Kawirikawiri imatuluka chonchi: "Nthawi inachepa, ndalama panalibe, ofunsidwa anali ochepa, choncho zotsatirazi mwina sizodalirika." Uku ndi kudandaula. Wochonga akawerenga amadzifunsa kuti nanga machaputala onse aja wawawerengera chiyani.

Tiyerekeze kuti munafunsa amayi 80 a mu msika wa Soweto za mmene amasungira ndalama kudzera mu chilimba. Munafunsa okhawo okhala ndi mabenchi mkati mwa msika. Ogulitsa m'mbali mwa msewu simunawafikire. Chofooka chenicheni ndi chimenechi, osati kuchepa kwa ndalama ya minibasi. Chitchuleni mosabisa, kenaka nenani mbali imene chakokera zotsatira zanu. Apa mpamene ambiri amalumpha, pomwe mpamene pali ntchito. Ngakhale mudzalemba m'Chingerezi, ganizo lake likhale ili:

"Ofunsidwa onse 80 anali a mabenchi. Popeza mayi wa benchi amapezeka malo amodzi tsiku lililonse, n'kosavuta kuti anzake amulandire mu chilimba. Choncho chiwerengero cha olowa chilimba chikhoza kukhala chokwera kuposa mmene chikanakhalira ogulitsa mumsewu akanafunsidwanso. Zotsatirazi zikunena za amayi a mabenchi a mu Soweto. Zifukwa zimene iwo anapereka zolowera chilimba sizikugwedezeka ndi vutoli."

Taonani kuti simunapepese aliyense. Mwaika malire ngati mlimi wosonyeza pothera munda wake, ndipo mwanenanso chimene chatsala chilili.

Chimodzimodzi ndi funso la phindu. Ngati amayi ena ankakuyesani wa msonkho, n'kutheka kuti anatchula ndalama zochepa. Lembani kuti manambala a phindu akhoza kukhala otsika kuposa enieni. Ngati munawatsimikizira kuti maina awo salembedwa, nenaninso. Ngati simunatero, musapeke.

Zofooka ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa chonchi zakwana. Za kuthima kwa magetsi ndi kufa kwa laputopu zisiyeni, pokhapokha ngati zinakutayitsani mayankho ena, ndipo apo tchulani angati.

Mukamaliza, tsegulani chaputala chomaliza, muike pambali pa ndimeyi. Mukapezamo mawu akuti "amayi a mu Zambia" pamene munafunsa a mu Soweto okha, akonzeni, chifukwa wochonga sadzalephera kuona kutsutsanako. Yang'ananinso mawu akuti chilimba "chimakweza" phindu. Munafunsa kamodzi kokha, ndiye simungadziwe chinayamba n'chiyani: mwina a phindu lalikulu kale ndiwo amakwanitsa kusonkha. Lembani kuti ziwirizi zinapezeka pamodzi, basi.

Koma chofooka chikakhala chogwetsa funso lathunthu la kafukufuku, musachikwirire m'ndimeyi. Pitani nacho kwa asupavaiza anu musanasindikize, mukagwirizane ngati funsolo lichepetsedwe kapena lichotsedwe.