Manja musawapatse ntchito yambiri

Pologalamu ya AI yopanga mavidiyo kuchokera pa mawu omwe mwailembera ikamapotoza zala, musalembe “no warped hands”. Kutchula manjawo nthawi zina kumangowaitana. Lembani zomwe akuchita, chinthu chimodzi, mwapang'onopang'ono:

```
both hands resting on the table, static camera
```

Kuwerenga ndalama kapena kusenda mbatata, zala zimaphatikana, nthawi zina kufika 6 pa dzanja limodzi.

Nkhope imasintha munthu akatembenuka n'kubwereranso, chifukwa makinawo amaijambula mwatsopano. Ndiye yambirani pa chithunzi chake, muzidula vidiyo pa masekondi 5, ndipo mawu omufotokoza akhale omwewo paliponse: mukati “grey beard”, musadzati “old man” kutsogoloku.

Zolemba zapachikwangwani ndiye ndinazisiya kalekale, zimangovina. Pemphani “blank sign”, mawuwo mudzawaike nokha pokonza vidiyoyo.