Musanatumize kwa abwana uthenga wa kumudzi wokhala ndi nthabwala

Ngati mumagwira ntchito ku Joni pakampani yotumiza katundu ku Blantyre, uthenga wa anzanu a ku Limbe umafika wothira mchere. Mavuto amayamba bwana kapena kasitomala wosadziwa za kwathu akafuna kuuona. Tiyerekeze kuti walembedwa chonchi: "Madala, thiraki yagona pa Mwanza ngati mlendo wa pamaliro. Manoma anu aja agonanso ndi mapepala. Tumizani ya fanta tiwadzutse, mbava inu."

Musaumasulire liwu ndi liwu, komanso musafulumire kufufuta nthabwalazo, chifukwa nkhani yeniyeni yabisala m'menemo. Mlendo wa pamaliro sadziwika tsiku lonyamuka, ndiye kuti thiraki yachedwa ndipo palibe akudziwa kuti ichoka liti. "Manoma" ndi mnzawo wina wa muofesi wosapota Wanderers, amene sanatumize mapepala. Imbani foni mufunse zinthu zitatu: yafika liti pachipata, pepala losowa ndi liti, ndalamazo ndi zingati komanso za chiyani.

Mawu oopsa kwambiri pano ndi "ya fanta". Pakati pathu angatanthauze ndalama ya kiliyaring'i ejenti, ya malo oimikapo galimoto, kapena kungocheza chabe. Koma wowerenga wakunja akaona ndalama, chipata ndi "tiwadzutse" pamalo amodzi, amamva ziphuphu, ndipo uthenga wolembedwa umasungika. Ngati ndalamayo ili ndi lisiti, itchuleni dzina lake. Ngati ilibe, si nkhani yokonza mawu ayi, ikaneni. "Mbava inu" nawonso ndi mawu okoma pachisuweni, koma papepala ndi mlandu. Zamitundu, zachipembedzo ndi zokhudza thupi la munthu zichoke osasiya kanthu.

Mukafunsa, uthenga ungatuluke motere: "Thiraki yaima pachipata cha Mwanza kuyambira Lolemba chifukwa invoisi sinafike kwa ejenti. Ofesi ya ku Limbe itumiza lero isanakwane 2 koloko. Pakufunika K60,000 ya malo oimikapo, lisiti titumiza." Taonani kuti munthu wochedwetsayo sanatchulidwe. Nthabwala ija inkamuteteza, ndiye mukaichotsa n'kuika dzina lake lenileni, mwasandutsa macheza kukhala dandaulo. Moni waulemu ndi zikomo zisiyeni, kuti usaume ngati kalata ya kukhoti.

Lembani uthenga watsopano, musadine Forward. Pa imelo, makalata akale onse amatsatira m'munsi, ndipo anthu ambiri amakonza pamwamba pokha. Chithunzi cha sikirini nachonso chimaonetsa dzina la gulu ndi mayina ogemetsana. Wolakwika ukapita kale pa WhatsApp, Edit imagwira ntchito kwa mphindi 15 zokha, pomwe Delete for everyone imafika pafupifupi masiku awiri, ngakhale kuti amene wawerenga wawerenga basi.

Pomaliza werengani mokweza ngati abwana ali pomwepo. Pamene mwafuna kunena kuti "apa amatanthauza kuti...", pakonzeninso.